Msampha wa njere: chimene umatiuza ndi chimene umatibisira



Ndabwera ndi chinthu ichi chili patebulochi kuti muchione ndi maso. Ndi timapaipi ta pulasitiki tinayi tolumikizana ngati felemu ya zenera, mbali iliyonse masentimita 71, ndipo pansi pake palendewera thumba la neti. Mukachulukitsa 71 ndi 71 mupeza kuti kukamwa kwake ndi theka la sikweya mita. Kutchire timachiimika pa miyendo inayi, chapafupifupi masentimita 80 kuchokera pansi, n'kuchisiya. Chilichonse chogwa kuchokera kumwamba, njere, maluwa, masamba, zitosi za mbalame, chimatsakamira m'netimo mpaka titabwera kudzakhuthula. Umenewu ndiye msampha wa njere. Kuupanga n'kosavuta, mwana wa sitandade 8 atha kuupanga masana amodzi. Povuta ndi pamene mwakhala pansi ndi kope lodzaza manambala n'kuyamba kunena zimene manambalawo akutanthauza, chifukwa msampha umangodziwa za theka la sikweya mita yake basi, pomwe ife timafuna kunena za nkhalango yonse.

Muyeso umenewu si wanga ayi. Ndi wa pa chilumba cha Barro Colorado, m'nyanja ya Gatun ku Panama, kumene kuli chigawo cha nkhalango cha mahekitala 50 chimene mtengo uliwonse wokulirapo unapatsidwa nambala. Kuyambira mu 1987, Joseph Wright ndi anzake a ku Smithsonian Tropical Research Institute akhala akukhuthula misampha 200 ya mtundu uwu sabata ndi sabata. Mu 1994 anawonjezapo timinda ta sikweya mita imodzi, titatu pa msampha uliwonse, pa mtunda wa mamita awiri kuchokera pamsamphawo, kuti chaka ndi chaka aziwerengamo mbande zomera zokha. Tawerengani nokha: misampha 200 ya theka la sikweya mita ndi masikweya mita 100, pomwe nkhalango ya mahekitala 50 ndi masikweya mita 500,000. Ndiye kuti kafukufuku wotchuka kwambiri wa mtundu uwu padziko lapansi amaona gawo limodzi lokha mwa magawo 5,000 a malo ake. Inu amene muli ndi ndalama za misampha 50 kapena 60 yokha, mukumbukire zimenezi musanayambe kudzigunda pachifuwa.

Limodzi mwa mafunso amene misamphayi yathandiza kuyesa ndi la Daniel Janzen mu 1970 ndi Joseph Connell mu 1971. Aliyense payekha anaganiza kuti pansi pa mtengo wobereka pamagwa njere zambiri, koma ndi pomwenso pamasonkhana adani a mtundu umenewo wa mtengo, tizilombo tofumbula njere, nkhungu zoolesa mizu, mbewa. Choncho njere yogwa patsinde pa mayi wake mwayi wake ndi wochepa, yothawira patali ndiyo imapulumuka. Kuti muyese ganizo limeneli pafunika zinthu ziwiri: kudziwa kumene njere zikugwa, ndi kudziwa kumene mbande zikumera. Msampha umayankha choyambacho, kamunda kamayankha chachiwiricho.

Tiyeni titenge mtengo umene tonse tikuudziwa, mbawa, uja umakonda m'mbali mwa mitsinje. Chipatso chake ndi cholimba ngati thabwa, chikauma chimang'ambika chili kumtengo komweko, n'kutulutsa njere zaphanthiphanthi zokhala ndi kaphiko kopyapyala m'mbali, zimene mphepo imanyamula. Kwa woyamba kumene, mbawa ndi yabwino pa zifukwa ziwiri. Njere yake ndi yaikulu, simungaisokoneze ndi ina. Komanso mutha kupeza mtengo wobereka umene waima wokha, wopanda mnzake pafupi, kotero kuti njere iliyonse yogwa mumsampha mukudziwa mayi wake. Musanakhome msomali ndi umodzi womwe, yendani mamita 100 mbali zonse kufunafuna mbawa ina yobereka. Mukaipeza, sankhani mtengo wina, apo ayi misampha yanu yakutali idzakhala ikuwakha njere za mnansi, inu n'kumati mtengo wanu ukuponya patali.

Tsopano kaikidwe kake. Cholakwa chimene ndimachiona chaka chilichonse n'chakuti wophunzira amatambasula chingwe kuchokera patsinde, n'kuika msampha umodzi pa mamita 5, wina pa 15, wina pa 30, n'kunena kuti wagawa mofanana. Sanagawe mofanana. Taganizani za mtengowo ngati uli pakati pa mabwalo ozungulira. Chigawo chapafupi, kuchokera patsinde kufika mamita 10, kukula kwake ndi masikweya mita 314. Chapakati, mamita 10 mpaka 20, ndi 942. Chakutali, mamita 20 mpaka 40, ndi 3,770. Msampha umodzi wa m'chigawo chakutali ukuimira malo aakulu kuwirikiza ka 12 poyerekeza ndi wapafupi, komanso kumeneko ndi kumene njere zimagwa apa ndi apo. Ndiye misampha izichuluka pamene mukutalikira. Pa chitsanzo chathu tiike 8 pafupi, 16 pakati, 32 kutali, yonse pamodzi 56. Muigawenso mbali zonse zinayi za mtengo, chifukwa ngati zipatso zikung'ambika mwera ukukuntha kuchokera kummwera chakum'mawa, njere zidzalunjika mbali imodzi, ndipo chingwe chimodzi chidzakupatsani zochuluka mopitirira kapena zochepa mopitirira, malinga ndi kumene munachilozetsa. Malo enieni oimikapo msampha m'chigawo chilichonse musasankhe ndi maso. Maso amakonda posalala, popanda minga, pamthunzi. Lembani ngodya ndi mitunda pa timapepala muchite maere musanachoke kunyumba.

Pali mayeso awiri amene ndimakakamiza aliyense kuchita misampha isanayambe ntchito, ndipo ambiri amawaona ngati kutaya nthawi. Oyamba: tengani njere 100, muzipake kadontho ka penti, mukwere pa makwerero muzigwetsere mumsampha, muwerenge zimene zadumphira kunja. Neti yokungika kwambiri imanjanjitsa njere ngati ng'oma, n'chifukwa chake thumba liyenera kulendewera. Achiwiri: siyani njere 20 zapenti mumsampha, mubwere patapita sabata. Mukapeza 14, ndiye kuti mbewa, agologolo kapena mbalame zikudya nanu limodzi, ndipo pa njere 10 zilizonse zogwamo mukutaya zitatu. Pamenepo mufupikitse masiku okhuthulira, kapena muike waya wa maso aakulu pakamwa pa msampha, kenaka mubwereze mayeso oyamba aja chifukwa wayayo nayenso amatchinga njere zina. Popanda mayeso awiriwa simungasiyanitse msampha umene simunagwe kanthu ndi msampha umene wina wakhuthula usiku.

Za miyendo, mitengo yaiwisi chiswe chimaimaliza mvula isanafike. Za moto, lambulani udzu kuzungulira msampha uliwonse, koma osati m'timinda ta mbande, chifukwa mukatero mwasintha chinthu chimene mukufuna kuyeza. Ndipo kapezeni a mfumu musanayambe. Ine ndili wophunzira ndinanyozera zimenezi, ndinangoti tchire ndi tchire. Sabata yachitatu ndinapeza mafelemu asanu ndi awiri ali chilili opanda neti, ndipo imodzi mwa netizo ndinakaiona yatchinga nazale ya tomato kudimba. Mwini dimbayo sanabise n'komwe. Anati, "Achimwene, ife tinaona ngati zatayidwa, nanga neti yabwinobwino n'kumaiyanika m'thengo?" Ndinalibe poyankha. Chimene ndinaphunzirapo cha ntchito yathu ndi ichi: m'kope, msampha wowonongeka mulembe kuti wawonongeka, musalembe ziro. Ziro ndi msampha umene unali bwinobwino koma simunagwe njere. Mukasakaniza ziwirizi, kompyuta singakuuzeni, ingowerengera limodzi.

Tiyerekeze kuti nyengo yatha, zipatso zonse zang'ambika, mwaphatikiza masabata onse. Manambala amene nditchule apa ndawapanga dala kuti tiphunzirirepo masamu, si a mtengo weniweni. Misampha 8 yapafupi yagwira njere 240. Ya 16 yapakati yagwira 120. Ya 32 yakutali yagwira 32. Choyamba, gawani ndi kukula kwa misamphayo. Misampha 8 ndi masikweya mita 4, ndiye pafupi pakugwa njere 60 pa sikweya mita. Pakati ndi 120 kugawa ndi 8, zomwe ndi 15. Kutali ndi 32 kugawa ndi 16, njere ziwiri zokha.

Munthu akaona 60, 15 ndi 2 amafulumira kulemba kuti pafupifupi njere zonse za mbawa zimagwa patsinde. Dikirani kaye. Chulukitsani nambala iliyonse ndi kukula kwa chigawo chake. Pafupi, 60 kuchulukitsa ndi 314 ndi njere 18,840. Pakati, 15 kuchulukitsa ndi 942 ndi 14,130. Kutali, 2 kuchulukitsa ndi 3,770 ndi 7,540. Zonse pamodzi ndi 40,510, ndipo zogwa m'kati mwa mamita 10 sizikufika n'theka lomwe, zili cha pa 47 pa 100 zilizonse. Pafupifupi njere imodzi mwa zisanu yadutsa mamita 20. Apa pali mafunso awiri osiyana amene anthu amawasokoneza. Lina ndi lakuti, pamalo pano pagwa njere zingati? Linalo ndi lakuti, njere ikachoka pa nthambi, imakonda kukathera pati? Manambala a pa sikweya mita amayankha loyambalo lokha. Komanso onani kuti pa mamita 40 njere zinali zisanathe, takangolekeza ndi ife. Zimene zinapitirira pamenepo sitinazione, choncho polemba munene kuti magawowa ndi a njere zogwa m'kati mwa mamita 40.

Mvula yagwa, mwadikira, mwawerenga mbande m'timinda titatu ta pambali pa msampha uliwonse. Mbande iliyonse muimange kachizindikiro ka nambala. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika kuposa ku Panama, chifukwa m'nkhalango zathu za miombo timitengo tambiri timapsa kapena kuuma pamwamba m'chilimwe, n'kuphukiranso pa muzu wakale mvula ikagwa. Kamtengo kofika m'kakolo katha kukhala ndi zaka zingapo. Choncho musanayambe nyengo, mumange chizindikiro pa kalikonse kamene kalipo kale, kuti chaka chamawa muwerenge zatsopano zokha. Mukakayika, fukulani pang'ono ndi chala pambali pa tsinde: mphukira imachokera pa chitsa chonenepa kuposa kamtengoko.

Tinene kuti pafupi, m'masikweya mita 24, mwapeza mbande 12. Pakati, m'masikweya mita 48, mwapeza 24. Kutali, m'masikweya mita 96, mwapezanso 24. Pa sikweya mita, pafupi ndi theka la mbande, pakati theka, kutali gawo limodzi mwa magawo anayi. Yerekezani ndi njere zija. Pafupi, njere imodzi mwa 120 ndiyo yasanduka mbande. Pakati, imodzi mwa 30. Kutali, imodzi mwa 8. Mukachulukitsanso ndi kukula kwa zigawo, mbande zapafupi ndi 157, zapakati 471, zakutali cha pa 942. Chigawo chimene chinalandira njere zosakwana limodzi mwa magawo asanu chatulutsa mbande 6 mwa 10 zilizonse za mtengowo. Izi n'zofanana ndi zimene Janzen ndi Connell ankayembekezera, ndipo wophunzira akafika apa amamwetulira n'kuyamba kulemba mutu womaliza.

Pano ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene agwa ngakhale akatswiri. Mu 2000, Kyle Harms ndi anzake anafalitsa mu magazini ya Nature zotsatira za misampha ya ku Barro Colorado ija pa mitundu 53 ya zomera. Anagwiritsa ntchito kachilinganizo aka:

```
R = a * S^b
```

Apa `S` ndi kuchuluka kwa njere mumsampha, `R` ndi kuchuluka kwa mbande m'timinda ta pambali pake. Nkhani yagona pa `b`. Ikakhala 1, njere zikawirikiza kawiri, mbande nazonso zimawirikiza kawiri, ndiye kuti kuthithikana sikukuvulaza kanthu. Ikachepera 1, ndiye kuti pamene njere zachuluka mwayi wa njere iliyonse ukuchepa. Iwo anapeza `b` yochepera 1 mofala ndithu pa mitundu imeneyi. Koma ofufuza ena, kuphatikizapo Matteo Detto ndi anzake mu 2019, anasonyeza kuti kawerengedwe ka mtundu uwu katha kutulutsa chizindikiro cha kuvulazana kwa kuthithikana ngakhale pamene kulibe. Chifukwa chake n'chapoyera kwambiri mwakuti timachiiwala: njere yogwa mumsampha simera. Mbande zimene mukuwerenga zinachokera ku njere zina, zogwa pansi mamita awiri pambali, zimene simunaziwerenge. Msampha ukungoimira njerezo, ndipo nthawi zina umaimira molakwika.

Bwererani ku chigawo chathu chakutali. Misampha 32 inagwira njere 32, kutanthauza imodzi pa msampha. Koma njere sizigwa mwa mzere ngati chimanga chobzala. Zikamagwa mwachisawawa, masamu a Poisson amati misampha 37 pa 100 iliyonse idzakhala yopanda kanthu, apa ndiye pafupifupi 12 mwa 32, pomwe ina idzagwira zitatu kapena zinayi mwamwayi chabe. Tsono tangoganizani kuti malo onsewo ndi ofanana ndipo palibe mdani aliyense wokonda pothithikana. Msampha umene wagwira zinayi, timinda take tili ndi mbande zofanana ndi ta anzake, ndiye pepala lionetsa njere zambiri, mbande zochepa. Msampha umene sunagwire kanthu, timinda take tilinso ndi mbande, ndiye pepala lionetsa mbande zomera popanda njere. Mukajambula mzere kudutsa m'madontho amenewa, mzerewo ugona pansi, `b` iyandikira ziro, inu n'kulengeza kuti mwapeza adani a njere. Mwangopeza kuchepa kwa msampha wanu.

Mungadziwe bwanji kuti zikukuchitikirani? Njira yachidule ndi kuwerenga malo amene mbande pa sikweya mita zaposa njere pa sikweya mita. M'chilengedwe zimenezo sizingatheke pa mtengo ngati mbawa, umene njere zake sizikhalitsa m'nthaka, choncho malo otere akachuluka, misampha yanu ikuphonya kwambiri. Njira ina, imene ndimaikonda, ndi ya misampha yamapasa. Pa malo khumi kapena kuposerapo, imikani misampha iwiri motalikirana mamita awiri, mtunda womwe uja wa pakati pa msampha ndi kamunda. Mapasawo akamagwirizana, wina 28 wina 31, msampha wanu ukuimira bwino kamunda. Akamasemphana, wina ziro wina 4, musayerekeze msampha umodzi ndi timinda take. Phatikizani chigawo chonse monga tachitira muja, chifukwa misampha 32 pamodzi imaphonya pang'ono kuposa umodzi. N'chifukwa chake manambala athu a 120, 30 ndi 8 ndi olimbirapo kusiyana ndi mzere wodutsa m'madontho 56.

Ngakhale atalimba choncho, sakutiuza chifukwa chake. Patsinde pa mbawa pali njere zothithikana, inde, komanso pali mthunzi wandiweyani, masamba owunjikana, mizu ya mtengo waukulu ikumwa madzi, mwinanso ng'ombe zimausa pomwepo masana. Zonsezi zimasintha limodzi pamene mukutalikira, ndipo msampha sungazilekanitse. Chimene chimazilekanitsa ndi kufesa nokha. Tolani njere zabwino, muyese kaye zingati mwa 100 zikumera mu nazale, kenaka mufese m'timinda tatsopano, kena njere 5, kena 50, pafupi ndi kutali komwe. Timinda tapafupi muyambe mwatitolera njere zogwa zokha, apo ayi nambala yanu siikhalanso yodziwika. Theka la timindato mutivindikire ndi khola la waya loletsa mbewa. Apa `S` mukuidziwa chifukwa mwaiwerenga ndi manja anu. Ngati kamunda ka njere 50 kakuchita moipa kuposa ka njere 5 pa mtunda womwewo, vuto ndi kuthithikana. Ngati tonse tapafupi tikufa posatengera kuchuluka kwa njere, vuto ndi malowo kapena adani okhazikika pa mtengowo. Ngati za m'khola zikupulumuka, pitani mukafunse mbewa. Muonjezeko khola lina lotsegula mbali imodzi, kuti muone ngati si mthunzi wa waya chabe umene ukuthandiza.

Pa kompyuta ndinena zochepa. Manambala a misampha amakhala ndi maziro ambiri ndi misampha yowerengeka yodzaza, ndiye njira zofuna manambala oyalana bwino sizigwira. Mu pulogalamu ya R mutha kuyamba motere:

```r
library(MASS)
m <- glm.nb(njere ~ log(mtunda) + offset(log(malo)), data = d)
summary(m)
```

Mzere uliwonse wa `d` ndi msampha umodzi, `njere` ndi chiwerengero chenicheni osati chogawa kale, ndipo `malo` ndi kukula kwa msamphawo. Ngati misampha ina inawonongeka masabata ena, monga yanga ija ya kudimba, chulukitsani `malo` ndi gawo la nyengo limene msamphawo unagwira ntchito, koma muzindikire kuti sabata ya pachimake pa kugwa kwa njere si yofanana ndi sabata yomaliza. Musanayambe ndi `glm.nb`, mutha kuyesa Poisson wamba n'kugawa `residual deviance` ndi `degrees of freedom` zake. Yankho likaposa 1 ndi patali, njere zanu zikugwa m'magulumagulu, ndipo Poisson akupatsani chitsimikizo chimene mulibe. Pa mbawa n'zoyembekezeka, popeza chipatso chimodzi chimakhuthula njere zambiri nthawi imodzi. Pa mitengo yofalitsidwa ndi nyama, monga masuku, n'zoposa apa: msampha umodzi umene wapezeka pansi pa nthambi yodyerapo anyani utha kugwira zochuluka kuposa anzake onse pamodzi.

Chomaliza ndi chimene oyesa mayeso adzakufunsani, ndiye ndi bwino ndikufunseni ine lero. Misampha 56 pansi pa mtengo umodzi, kodi muli ndi zitsanzo 56? Ayi, muli ndi mtengo umodzi, wautali wakewake, pamalo akeake, m'chaka chimodzi chimene mwina unabereka kwambiri kapena unapuma. Zonse tawerengera muja ndi mbiri ya mtengo umenewo, osati ya mbawa zonse. Ngati ndalama zanu zikukwana misampha 56 yokha, ine ndingakonde muigawe pa mitengo inayi, 14 pa mtengo uliwonse, iwiri pafupi, inayi pakati, isanu ndi itatu kutali, ndipo powerengera muuze kompyuta kuti misampha ya pa mtengo umodzi ndi ya banja limodzi. Mudzadziwa zochepa za mtengo uliwonse, ndipo mudzayenda mtunda wautali Loweruka lililonse pokakhuthula. Amene mwasankha mbawa, pitani mukaone mitengo yanu sabata ino, muyang'ane kumwamba ngati zipatso zayamba kuchita ming'alu. Misampha iyenera kukhala itaima chipatso choyamba chisanang'ambike.